Anapiye 1,500 ndi zilembo 160

Azakhali anga ali ndi shopu ya zakudya za nkhuku, katemera ndi anapiye pa Mponela. Chakumapeto kwa Okotobala anandiimbira foni mawu ali pamwamba. Munthu wina amene anaoda anapiye a buloila 1,500 kudzera kwa iwo anasintha maganizo, koma oda inali italowa kale, ndalama ina italipiridwa, ndipo galimoto inali yoti ifika Lachisanu pa 7 Novembala. Amene anawetapo buloila akudziwa kuti mwanapiye wa tsiku limodzi si katundu woika pa shelefu. Akagona m'shopu afuna moto, madzi ndi chakudya, ndipo m'mawa mwake ena umawapeza atauma.

Iwo anali ataganiza kale zotsitsa mtengo kuchoka pa K2,000 kufika pa K1,800 mwanapiye mmodzi, tsiku limenelo lokha. Chimene ankafuna kwa ine n'kuwathandiza kutumiza SMS kwa makasitomala awo, poti ndinagwirapo ntchito yotumiza mauthenga ambirimbiri nthawi imodzi. Anali ndi kope lachikuto cholimba, lakuda ndi manja, momwe munali manambala okwana 600 a anthu amene anagulapo kanthu. Ndinkayesa ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mpaka lero uthenga umenewo ndimauganizirabe.

## Uthenga wa msuweni wanga

Nditafika ndinapeza msuweni wanga, mwana wawo wachiwiri, atalemba kale uthenga pa laputopu. Ndi mnyamata wochangamuka, tsamba la Facebook la shopuyo amayendetsa ndi iyeyo, ndipo zithunzi za anapiye amazijambula bwino. Analemba motere:

```
Moni makasitomala athu okondedwa a m’Malaŵi muno! Tili ndi PROMOTION yaikulu ya anapiye a broiler. Musaphonye mwayi umenewu! Kuti mumve zambiri onani pa tsamba lathu la Facebook kapena tiyankhuleni pa WhatsApp. Zikomo, Mulungu akudalitseni.
```

Azakhali anaukonda. Unali ndi moni, unali ndi ulemu, unatsiriza ndi madalitso. Ndipo kunena zoona, mauthenga ambiri amene amatifika pa foni ndi otere ndithu, kotero munthu akakhala pansi kuti alembe wake, dzanja limangotsata njira yomweyo.

## Mayi wa foni ya mabatani

Tili mkati mokambirana munalowa mayi wina kudzagula chakudya cha nkhuku zoikira, cha pa kilo, osati thumba lathunthu. Azakhali anati, "Amayi, imani kaye. Tamverani uthenga uwu, mutiuze ngati uli bwino." Msuweni wanga anawerenga mokweza, mawu atawakometsa ngati wa pa wailesi.

Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa, "Nanga mtengo wake?"

"Mtengo uli pa tsamba, amayi," anatero mnyamatayo.

Anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa foni yawo. Inali ya mabatani, nambala 5 itafufutika, kumbuyo atamanga ndi kalabala kuti batire isagwe. Anaiika pa kauntala. "Tsambalo lilowa muno? Foni yaikulu ili ndi mwana wanga, ndipo bandulo timagula tikafuna kulankhula ndi bambo ake ku Joni. Ndiye mukuti ndigule bandulo kuti ndikamve mtengo wa anapiye? Nanga ndikakapeza kuti mtengowo sindingaukwanitse, ndalama ya bandulo mundibwezera?"

Azakhali anaseka, koma mnyamata uja sanaseke. Ine ndinapempha foniyo kuti ndione. Pa galasi lake pankakwana mizere yochepa chabe, mawu atatu kapena anayi pa mzere. Bokosi la mauthenga linali lodzaza: za mabandulo, za mipikisano, za nyimbo zoimbira, ndi umodzi wa akuba aja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ambiri anali osatsegula. Ndinafunsa kuti amasankha bwanji woti awerenge. Anati amayang'ana dzina la wotumiza ndi mawu oyamba. Akaona "okondedwa" kapena "mwapambana" amafufuta osapitirira.

Apa m'pamene nkhani yonse inatembenukira. Tinkaganiza za ndalama imene azakhali alipire potumiza uthenga, osaganiza za ndalama imene uthengawo ukumulipiritsa woulandira. Kulandira SMS n'kwaulere, n'chifukwa chake tinaisankha. Koma uthenga wa msuweni wanga unali chikwangwani cholozera kumalo kumene polowera pake amalipiritsa. Tinagwirizana mfundo imodzi tisanalembe chilichonse: munthu adziwe zonse zofunika kuti asankhe kuchokera mu SMS momwemo, ndipo chimene achite akawerenga chisamudyere tambala.

## Kamchira kamene kanachulukitsa bilu

Tisanafike pa mawu, pali nkhani ya zilembo imene ambiri olemba Chichewa imawapweteka osadziwa.

SMS imodzi imanyamula zilembo 160, kuwerengera mipata ndi zizindikiro zomwe. Izi zimatheka pokhapokha zilembo zonse zili m'gulu lotchedwa GSM-7, momwe muli zilembo wamba, manambala ndi zizindikiro zodziwika. Uthenga ukapitirira 160 umadulidwa m'magawo, ndipo gawo lililonse limanyamula 153 yokha, chifukwa malo otsalawo amagwira ntchito youza foni mmene ilumikizire magawowo. Wotumiza amalipira gawo lililonse ngati SMS payokha.

Tsono mukangoikamo chilembo chimodzi chimene mu GSM-7 mulibe, uthenga wonse umasamukira ku dongosolo lina lotchedwa UCS-2. Kumeneko SMS imodzi imanyamula zilembo 70 zokha, ndipo ikadulidwa gawo lililonse ndi 67. Si chilembo chachilendocho chokha chimene chimakwera mtengo ayi, ndi uthenga wonse.

Mu uthenga wa msuweni wanga munali zoterezi ziwiri, zonse m'mawu amodzi akuti `m’Malaŵi`. Choyamba ndi `ŵ`, w wa kachipewa, amene mu GSM-7 mulibe. Chachiwiri ndi chobisika kwambiri: kamchira ka pakati pa m ndi M. Mukalemba mu Word, pulogalamuyo imasintha yokha kamchira kowongoka `'` kukhala kopindika `’`. Ndi maso simungasiyanitse msanga, koma kowongoka kali mu GSM-7 pamene kopindika kalibemo. Ife a Chichewa kamchiraka timakagwiritsa ntchito paliponse, m'mawa, ng'ombe, m'malo, n'chifukwa, kotero msampha umenewu umatigwira kuposa olemba Chingerezi. Tizithunzi ta nkhope zosekerera timachitanso chimodzimodzi, ndipo tambiri timadya malo a zilembo ziwiri.

Tiwerenge. Uthenga uja uli ndi zilembo 240. Ukanakhala wa GSM-7 ukanakhala magawo 2. Chifukwa cha `ŵ` ndi kamchira kaja, 240 kugawa ndi 67 zikutipatsa magawo 4. Kwa anthu 600 ndi ma SMS 2,400. Tiyerekeze kuti kampani yotumizira ikulipiritsa K20 pa SMS imodzi: imeneyo ndi K48,000, pamene uthenga wa gawo limodzi kwa anthu omwewo ndi K12,000. Ndipo pa foni ngati ya mayi aja, uthenga wa magawo anayi nthawi zina umafika modukaduka netiweki ikavuta, gawo lina lero, lina pambuyo pake.

Kuzindikira kwake n'kosavuta. Pa tsamba lotumizira mauthenga pamakhala kowerengera zilembo ndi magawo. Mukamata uthenga n'kuona kuti wa zilembo 100 ukuwerengedwa magawo awiri, dziwani kuti mwalowa chilembo chachilendo. Mu Excel, `=LEN(A1)` imakuuzani kuchuluka kwa zilembo, koma siikuchenjezani za kamchira. Ine ndimalemba uthenga mu Notepad, imene siipinda timichira, kenaka ndimadzitumizira ndekha pa foni ya mabatani ndisanatumize kwa wina aliyense. Pa nkhani ya `ŵ`, mu SMS ya malonda lembani w wamba. Palibe mlimi amene angasokonezeke.

## Kudula

Tinafufuta zonse n'kuyamba ndi funso la mayi aja. Munthu woweta buloila akalandira uthenga amafuna kudziwa amene akulankhula, chimene akugulitsa, mtengo, tsiku, ndi choti achite. Titalimbana nawo kwa kanthawi tinafika apa (nambala ya shopu ndaibisa):

```
Shopu ya anapiye Mponela: buloila K1800 m'malo mwa K2000, Lachisanu 7 Nov lokha. Alipo 1500. Fulashani 0999XXXXXX tikuimbireni. Kukana: AYI ku nambalayi
```

Ndi zilembo 152, gawo limodzi.

Mkangano waukulu unali pa moni. Azakhali anati, "Iwe, ungamuyambe munthu wamkulu ndi mtengo osamupatsa moni? Anthu amenewa ndimapita nawo kumaliro." Ndinawamvetsa, ndipo sindinena kuti analakwa. Koma moni wa msuweni wanga yekha anadya zilembo 49, ndipo pa galasi laling'ono lija ndiye kuti munthu waona moni yekhayekha, mtengo uli pansi koti atsike ndi batani. Ndinati, "Azakhali, moni mukawapatsa pa foni mukamawaimbira, ndi mawu anu enieni. Apa ulemu ndi kusawatayitsa nthawi." Anavomera monyinyirika. Ulemu tinausunga m'mawu momwemo: fulashani, tikuimbireni, osati fulasha.

Mitengo iwiri yonse tinailemba. Mawu akuti "mtengo wotsika" sauza munthu kanthu, makamaka masiku ano pamene mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi ndipo amene anagula anapiye chaka chatha sakudziwa kuti lero ali pa zingati. Kulemba kuti tachotsera 10 pa 100 iliyonse n'kumupatsa munthu masamu oti achite ali m'munda. Koma akaona K1800 ndi K2000 amawerengera yekha kuti pa anapiye 50 apulumutsa K10,000, ndipo amadziwa pomwepo ngati ndalamayo ikuposa ya kabaza wopita ndi kubwera. Makoma a m'manambala tinawachotsa kuti tipeze malo. K1800 imawerengeka bwinobwino.

Tsiku tinalemba dzina lake ndi deti lomwe. Mawu akuti "mawa" kapena "lero lokha" ndi oopsa mu SMS ya kumudzi. Foni zambiri zimakhala zozima, ina ili kotchaja pa sitolo ya sola, ina yatha moto chifukwa magetsi anazima. Uthenga wopita ku foni yozima sutayika nthawi yomweyo. Umadikira pa netiweki, kawirikawiri mpaka masiku awiri kapena atatu, n'kulowa foni ikayaka. Munthu amene walandira "mawa" mochedwa adzabwera tsiku lolakwika, atalipira ulendo, ndipo mlandu udzakhala wanu.

"Alipo 1500" ndi amene analowa m'malo mwa "Musaphonye mwayi umenewu". Mawu okokomeza aja aliyense anawatopa nawo, amabwera ngakhale pa zinthu zimene sizitha. Nambala yeniyeni imagwira ntchito yosiyana: woweta amadziwa kuti anzake amatenga 50 kapena 100, ndiye amaona yekha kuti malo ndi a anthu ochepa. Koma nambalayo ikhale yoona. Mukalemba kuti Lachisanu lokha, Loweruka mtengo ubwerere pa K2,000 ngakhale abwere mpongozi wanu. Pa malo ngati Mponela anthu amauzana, ndipo akadziwa kuti "lokha" wanu amatambasuka, uthenga wotsatira adzauwerenga mosathamanga.

Mzere womaliza poyamba unali "Kukana: lembani AYI ku nambalayi", ndipo uthenga wonse unakwana 160 ndendende. Sindinafune kuima m'mphepete choncho. Mpata umodzi wotsalira kumapeto pomata, kapena kudina Enter mosazindikira, zikanaufikitsa pa 161 ndipo bilu ikanawirikiza. Tinachotsa "lembani".

Panali chinthu chimodzi chimene ndinkafunitsitsa kuikamo koma malo anakana. Buloila amakhwima pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ndiye wolowa m'khola pa 7 Novembala amakhala wokonzeka chapakati pa Disembala, msika wa Khirisimasi uli pafupi. Azakhali anati ndisadandaule, woweta aliyense kalendala imeneyo ali nayo m'mutu. Ananena zoona.

## Bwanji kufulasha

Tikanatha kulemba kuti "imbani", koma kuimba kumafuna mayunitsi. Kufulasha n'kwaulere ndipo aliyense amakudziwa. Ndalama yoimba inasamukira kwa azakhali, amene anagula bandulo ya mphindi zoimbira n'kupatsa mtsikana wa m'shopu foni ndi kope kuti azilemba aliyense wofulasha ndi kumuimbira pasanathe ola. Imeneyi ndi ntchito yeniyeni, yofuna munthu wake. Mukalonjeza kuti tikuimbirani kenaka foni ili m'kabati, bola mukanangolemba kuti bwerani.

Nambalayo inayenera kulembedwa mu uthenga momwemo pa chifukwa china. Mauthenga otumizidwa kudzera ku kampani amafika ndi dzina la wotumiza m'malo mwa nambala, chimene pa tsamba lotumizira amachitcha `Sender ID`. Dzinalo silipitirira zilembo 11, ndipo limafunika kulembetsa ndi kuvomerezedwa kaye, zimene sizichitika tsiku limodzi. Ubwino wake, munthu amaona dzina la shopu asanatsegule. Kuipa kwake, uthenga wotere sungayankhidwe. Wodina kuti ayankhe, yankho lake silifika kulikonse. Ifeyo dzina lathu linali lisanavomerezedwe, uthenga unapita ndi dzina wamba la kampani yotumizira, n'chifukwa chake mawu oyambirira anayenera kunena shopu ndi malo.

Za Airtel Money kapena Mpamba sitinazitchule dala. Anthu aberedwa kokwanira ndi mauthenga opempha kuti atumize ndalama pa nambala, moti SMS iliyonse yokhala ndi mtengo, nambala ndi mawu akuti "tumizani" imanunkha utambwali. Nkhani ya chikole inakambidwa pa foni, munthu atamva mawu a mtsikana amene amamudziwa kapena a azakhali eniake, ndipo ofuna kudzapereka pamanja ankaloledwa kutero pofika Lachinayi.

Mzere wa "Kukana" msuweni wanga ankati ndi kutaya malo. Koma anthu a m'kope lija anapereka manambala awo pogula katundu, ena pa ngongole, osati kuti azilandira malonda. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, limene amaliyang'anira ndi a MACRA, ndipo nambala ya foni ya munthu ili m'gulu la zinthu zotetezedwazo. Ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, munthu wotopa ndi mauthenga anu amene alibe njira yokanira amangosiya kuwerenga onse. Chondivuta ine n'chakuti kutumiza AYI kumadya SMS ya kasitomala, zimene zikuswa mfundo yathu ija. Tinangoti aliyense wonena pakamwa m'shopu kapena pa foni afufutidwenso m'kope tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo wogula watsopano azifunsidwa kaye ngati akufuna mauthenga.

## Osauza onse

Apa m'pamene ndinasiyana ndi azakhali kachiwiri. Iwo ankafuna uthenga upite kwa onse 600, poti K12,000 si ndalama yoopsa. Ndipo ndi zoona kuti poyerekeza ndi zina, mtengo wa SMS ndi waung'ono: kuchotsa K200 pa anapiye 1,500 ndi K300,000 imene akuisiya. Chowalimbitsa mtima chinali chakudya. Buloila mmodzi amadya makilogalamu pafupifupi 4 kuti akhwime, ndiye anapiye onsewo ndi matumba a makilogalamu 50 okwana ngati 120, ndipo wogula anapiye pa shopu kawirikawiri chakudya amagulanso pomwepo.

Koma taonani mbali inayi. Ngati munthu mmodzi atenga 50 kapena 100, anapiye 1,500 akwanira anthu 15 mpaka 30 basi. Kuitana anthu 600 pa malo 30 kuli ngati kulengeza ukwati mudzi wonse utaphika mphika umodzi. Ochuluka adzamva kuti zatha, ndipo ena adzamva atafika kale pa khomo la shopu.

Tinakhala pansi ndi kope lija n'kuyamba kusankha. Ogula za nkhuku zoikira okhaokha tinawasiya, ogula mankhwala a mbuzi ndi nkhumba tinawasiyanso. Tinatsala ndi amene anagulapo anapiye a buloila kapena chakudya choyambira m'chaka chimenecho, anthu 180. Amenewa tinawagawa patatu, 60 gulu lililonse, kuyambira ndi amene amagula pafupipafupi. Gulu loyamba likapanda kumaliza anapiye, lachiwiri lilandire mawa lake, nambala ya "Alipo" itasinthidwa kuti inene otsala enieni.

Polemba manambalawo mu kompyuta pali kena koyang'anira. Excel imameza ziro wa kutsogolo, nambala yoyamba ndi 099 kapena 088 n'kutsala ya manambala asanu ndi anayi. Makampani ambiri otumizira amafuna nambala iyambe ndi `265` popanda ziro uja. Ikani danga lonselo likhale `Text` musanayambe kulemba, ndipo fufuzani obwereza, chifukwa m'kope la shopu munthu mmodzi amapezeka katatu, pena ndi dzina lake, pena ndi dzina la mwana wake.

## Lolemba, osati Lachinayi

Msuweni wanga ankati titumize Lachinayi madzulo kuti anthu asaiwale. Pa malonda a sopo kapena shuga mwina n'zotheka. Anapiye ayi. Munthu asanalandire anapiye ayenera kusesa ndi kupopera khola, kupeza utuchi kapena mankhusu a mpunga oyala pansi, kugula makala a mbaula yofunditsira, ndiponso kupeza ndalama. Anapiye 50 pa K1,800 ndi K90,000, osawerengera thumba loyamba la chakudya. Ndalama yotere ambiri alibe m'thumba. Wina akatenga kubanki m'khonde, wina agulitsa mbuzi, wina adikira kuti wachibale atumize. Uthenga wa tsiku limodzi ukanangothandiza amene ali nazo kale, amene ngakhale pa K2,000 akanagula.

Gulu loyamba linalandira Lolemba pa 3 Novembala, cha m'ma 4 koloko madzulo. Mwezi umenewo m'mawa anthu amakhala kumunda kukonzekera mvula, foni ili kunyumba. Usiku sitinafune, poti uthenga wolira munthu atagona amayesa ndi wa maliro, ndipo shopu ikhala itatseka, palibe womuimbira akafulasha. Nthawi yotumiza iyenera kugwirizana ndi nthawi imene woimba ali pa foni.

## Zimene lipoti limanena ndi zimene silinena

Tsamba lotumizira limaonetsa lipoti la nambala iliyonse: ofika, odikira ndi olephera. Mawu ake amasiyana kampani ndi kampani, koma nthawi zambiri mumaona `Delivered`, `Pending` ndi `Failed`. Odikira ndi foni zozima zija, musawatumizirenso, mungalipire kawiri ndipo munthuyo alandira awiri foni ikayaka. Olephera kawirikawiri ndi manambala olembedwa molakwika kapena masimu amene anasiya kugwira ntchito. Amenewo achongeni m'kope kuti mwiniwake akadzabwera mudzamufunse nambala yatsopano. Mukaona kuti olephera onse ndi a netiweki imodzi, vuto si manambala anu, funsani kampani yotumizira.

Chimene lipoti silingakuuzeni ndi chakuti munthu wawerenga. SMS ilibe timizere ta buluu ta pa WhatsApp. Muyeso wathu unali kope la mtsikana uja: wafulasha ndani, waimbiridwa nthawi yanji, akufuna angati, wapereka chikole kapena ayi. Ofulasha ena sankafuna anapiye n'komwe, ankafunsa mtengo wa katemera wa chitopa kapena ngati chakudya chomalizira chafika, ndipo azakhali sanadandaule nazo.

Gulu loyamba linatenga oposa theka. Lachiwiri madzulo tinatumiza kwa gulu lachiwiri titasintha nambala ya otsala, ndipo pofika Lachitatu anapiye onse anali ndi eni ake. Gulu lachitatu silinalandire kanthu. Mwa anthu amenewo mmodzi anamva kwa mnzake n'kubwera kudzadandaula kuti iye amuona bwanji, ndipo azakhali anamulemba poyamba pa oda yotsatira. Vuto limeneli kugawa magulu kumabwera nalo ndithu, ndipo pa malo oti aliyense amadziwana muyembekezere kuti lifika.

Amene anafulasha anapiye atatha anaimbiridwabe, kuuzidwa kuti asavutike ndi ulendo ndi kufunsidwa ngati akufuna kulembetsa pa oda ina pa mtengo wa nthawi zonse. Lachinayi masana tinatumiza uthenga wachiwiri, kwa okhawo amene anasungitsa, wonena ola limene galimoto ikuyembekezeka ndi kuti abwere msanga dzuwa lisanakwere, chifukwa anapiye m'katoni pa kabaza masana a Novembala safika onse. Umenewu unali waufupi, malo anatsala ambiri, ndipo azakhali anaulemba okha kuyambira ndi moni.